Makina opeta ndi amodzi, maoda ndi ambiri: tiyambe ndi ntchito iti?

Matelala achimalawi amene ali ndi timashopu kuno ku Joni, kaya ku Mayfair, ku Fordsburg kapena m'tauni cha ku Pritchard Street, amadziwa kuti pali miyezi ina imene ntchito imachuluka kuposa manja. Disembala ndi Januwale ndiye osanena, chifukwa masukulu akuno amatsegulira mu Januwale ndipo makampani amafuna zovala zatsopano za antchito. Makina osokera wamba savuta, mukhoza kubwereka kapena kuwonjezera ena. Vuto limagona pa makina opeta, aja olemba mayina ndi zizindikiro pa zovala. Ndi okwera mtengo, choncho ambiri ali nawo amodzi okha a mutu umodzi, opeta chovala chimodzi pa nthawi, ndipo chovala chilichonse chofuna chizindikiro chimayenera kudikira pamzere womwewo.

Maola a makinawo akachepa kuposa maoda, mwini shopu amayenera kusankha ntchito yoti alandire ndi yoti aikane kapena kuichedwetsa. Pali njira zingapo zimene anthu amasankhira, ndipo tiziyesa zonse pa shopu imodzi yongoyerekeza. Mitengo ndi yachitsanzo chabe, inuyo muikepo yanu.

Shopu yathu imagwira maola 45 pa sabata, omwe ndi malire a maola wamba m'malamulo a ntchito a dziko lino. Koma makina sapeta maola onsewo. Pali kuthira mafuta, kupukuta, kusintha singano, ndi masiku ena magetsi kuzima. Otsala enieni ndi maola 40. Ntchito zimene zimabwera ndi zinayi.

Yoyamba ndi majekete a makwaya ndi magulu a maliro, okhala ndi chithunzi chachikulu kumsana. Jekete imagulitsidwa R650. Shopu imagula jekete yosapeta R390, ulusi ndi pepala loika kunsi kwa nsalu zimadya R45, pulasitiki ndi thiransipoti R15. Zonse pamodzi ndi R450, ndiye pamatsala R200. Ndalama yotsalayi, mtengo kuchotsapo zimene zimalowa pa chovala chimodzicho, tiziitcha chotsala. Si phindu, chifukwa lendi ndi malipiro sitinachotse. Ndi ndalama imene chovala chilichonse chimasonkha kuti lendi ilipidwe, kenako phindu lipezeke.

Zinazo nazi pamodzi ndi jekete:

| Ntchito | Mtengo | Zolowa | Chotsala | Mphindi pa makina | Zofunidwa pa sabata |
|---|---|---|---|---|---|
| Jekete | R650 | R450 | R200 | 60 | 20 |
| Malaya a gofu | R220 | R160 | R60 | 12 | 60 |
| Kapusi | R120 | R85 | R35 | 10 | 48 |
| Dzina pa ovolosi | R40 | R10 | R30 | 5 | 120 |

Pa ovolosi kasitomala amabwera ndi chovala chake, shopu imangolemba dzina pachifuwa, n'chifukwa chake zolowa zili zochepa chonchi. Mphindizo zimachokera pa kuchuluka kwa masitichi. Chithunzi cha jekete chili ndi masitichi 35,000, ndipo makina akamayenda pa 650 pa mphindi amatha mphindi pafupifupi 54, kuphatikizapo kuchotsa felemu yomangira nsalu ndi kuika ina zimakwana ola. Dzina ndi masitichi 2,000 okha.

Kuti shopu ikwanitse zonsezi ingafunike maola 20 a majekete, 12 a malaya a gofu, 8 a makapusi ndi 10 a mayina. Amenewa ndi maola 50, pamene ilipo ndi 40. Maola 10 a ntchito ayenera kutsala. Nkhani yonse ndi yakuti atsale ati.

Kutsogoza chodula

Ambiri amayamba ndi chimene chili ndi mtengo waukulu, kapena chimene chimasiya ndalama zambiri pa chovala chimodzi. Pa shopu yathuyi njira ziwirizi zikupereka mzere wofanana: jekete, gofu, kapusi, dzina kumapeto. Maganizo ake ndi omveka ndithu. Munthu akabwera ndi oda ya majekete 20, risiti imalembedwa R13,000, mtima umagunda. Wina akabwera ndi maovolosi m'chikwama cha Shangani, dzina lililonse R40, mwini shopu amangoti, "Achimwene, sabata ino tadzaza, mubwere sabata yamawa."

Tiwerenge. Majekete 20 atenga maola 20 n'kusiya R4,000. Malaya a gofu 60 atenga maola 12 n'kusiya R3,600. Makapusi 48 atenga maola 8 otsalawo n'kusiya R1,680. Maola atha, mayina sanapetedwe. Zonse pamodzi ndi R9,280.

Cholakwika chake n'chakuti njirayi ikuyerekeza jekete imodzi ndi dzina limodzi ngati kuti zimadya nthawi yofanana. Pa ola limene jekete imodzi ili pa makina, mayina 12 akanatha, ndipo mayina 12 amasiya R360. Nthawi iliyonse imene mwaika jekete pamene maovolosi akudikira, mwasinthanitsa R360 ndi R200.

Pali ena amene amapita patsogolo pang'ono n'kugawira lendi pa chovala chilichonse, akuti apeze phindu lenileni. Tinene kuti lendi, malipiro a wopeta ndi ngongole ya makina zimakwana R6,000 pa sabata. Mukazigawa pa zovala 248 zimene zikufunidwa, chilichonse chisenza pafupifupi R24. Dzina limaoneka ngati likusiya R6 yokha, ndipo munthu amati ntchito imeneyi ndi yongotopetsa. Koma mwini nyumba adzafuna lendi yake yonse kaya mwapeta mayina kaya simunapete. Ndalama imene sisintha ndi zimene mwasankha siingakuthandizeni kusankha. Ichotseni kumapeto, pa zonse pamodzi.

Kutsogoza peresenti

Anthu amene anayamba achitapo malonda a golosale kapena kaunjika amakonda kuona peresenti: pa randi iliyonse imene kasitomala walipira, ikutsala ndi zingati? Dzina limasiya 75 peresenti, jekete pafupifupi 31, kapusi 29, gofu 27. Mzere ukhala dzina, jekete, kapusi, gofu. Mayina onse apetedwa, majekete onse, makapusi onse, ndipo maola 2 otsala akwana malaya a gofu 10 okha. Chotsala chonse ndi R9,880.

Yaposa yoyamba ija ndi R600, koma mwangozi. Zangochitika kuti dzina lili pamwamba m'njira iyi. Malaya a gofu, amene tiona posachedwa kuti ndi ntchito yabwino kwambiri, aponyedwa kumapeto chifukwa malaya osapeta ndi odula poyerekeza ndi mtengo wogulitsira. Peresenti imayankha funso lina, la pamene chosowa chili makasitomala kapena ndalama zimene iwo angawononge. Ife makasitomala tili nawo mpaka pakhomo.

Njira ya chisoni, yogawira aliyense pang'ono, nayo tiiwerengere, poti ambiri mwa ife ndi imene timatsata tikaopa kukhumudwitsa anthu akumudzi kwathu kapena a mpingo wathu. Maola 40 pa 50 ndiye kuti oda iliyonse mwaidula gawo limodzi mwa asanu. Zimapereka pafupifupi R10,300. N'zoseketsa kuti kusasankha n'komwe kukuposa njira ziwiri zoganiziridwa zija. Koma kwaya ya anthu 20 imene yalandira majekete 16 sidzakuyamikani.

Chotsala pa ola la makina

Popeza chosowa ndi ola la makina, funsani kuti ntchito iliyonse imasiya zingati pa ola limenelo. Gawani chotsala ndi mphindi, muchulukitse ndi 60. Ngati mumalemba mu Excel kapena Google Sheets, mtengo uli mu B, zolowa mu C, mphindi mu D, lembani:

```
=(B2-C2)/D2*60
```

Dzina lipereka R360 pa ola, gofu R300, kapusi R210, jekete R200. Mzere watembenuka pafupifupi wonse, ndipo jekete ija imene inali mfumu yakhala kumchira.

Tsopano dzazani maola kuyambira pamwamba, koma osapitirira zimene makasitomala akufuna. Mayina 120 atenga maola 10, asiya R3,600. Simungapete mayina oposa pamenepo chifukwa maovolosi ake palibe. Malaya a gofu 60 atenga maola 12, asiya R3,600. Makapusi 48 atenga maola 8, asiya R1,680. Pafika maola 30. Maola 10 otsala apita kwa majekete 10, asiya R2,000. Zonse pamodzi ndi R10,880.

Kusiyana ndi njira yoyamba ndi R1,600 pa sabata. Mwina sizikumveka zambiri, koma chotsani R6,000 ya lendi ndi malipiro ija muone. Wotsogoza jekete apita kunyumba ndi R3,280, wotsogoza ola apita ndi R4,880. Makina omwewo, maola omwewo, wopeta yemweyo, koma phindu lakwera pafupifupi ndi theka. Ngati chosowa chilidi chimodzi ndipo manambala anu ndi oona, palibe kasanjidwe kena kamene kangapose pamenepa, chifukwa ola lililonse lapita kwa ntchito yolipira bwino mwa zimene zinatsala.

Pa kuwerenga konseku, nambala yofunika kuisunga m'mutu ndi R200, ya ntchito imene inadulidwa pakati. Umenewo ndiwo mtengo wa ola limodzi la makina anu sabata imeneyi. Ola likatayika chifukwa magetsi azima kapena wopeta wachedwa pa takisi, imene yagwa ndi jekete imodzi, R200. Ola likawonjezeka, mwapeza R200. Ndipo munthu wa lesitilanti akabwera Lachitatu ndi maepuloni, iliyonse yodya mphindi 15 n'kusiya R45, simufunika kuyambiranso masamu onse. Maepuloni 4 pa ola ndi R180, yochepera R200. Mukawalandira pa mtengo umenewo mwachotsa jekete n'kuikapo chocheperapo. Akawonjezera R5 pa iliyonse mwangofanana, akawonjezera R10 mwayamba kupindula.

Nambala yomweyi imakuuzaninso za mtengo wa jekete. Kuti ifanane ndi kapusi iyenera kugulitsidwa R660, kuti ifanane ndi gofu R750. Ngati makwaya sangalipire pamenepo, njira ina ndi kuchepetsa masitichi. Wokonza chithunzi pa kompyuta akachotsa malo odzaza ulusi n'kusiya mizere, jekete n'kutsika kufika mphindi 40, chotsala chake chimakwera kufika R300 pa ola mtengo osasintha.

Maola 10 otsala aja

Kukana ntchito si njira yokhayo. Ovataimu ndi yoyamba kuiganizira. Lamulo la kuno limalola maola owonjezera 10 pa sabata mwa mgwirizano, olipidwa kamodzi ndi theka, ndipo la Mulungu ndi kawiri kwa amene sagwira tsikulo nthawi zonse. Ngati ola la ovataimu ndi magetsi ake likudya R70, ndipo likubweretsa R200, latsala R130. Maola 10 apereka R1,300. Kupitirira pamenepo palibenso chopeza, maoda atha.

Yachiwiri ndi kupereka ntchito kwa mnzanu amene ali ndi makina ake. Apa ndi pamene ngakhale odziwa masamu amaphonya. Poti jekete ndi imene ili kumchira, amangotenga majekete 10 aja n'kupita nawo. Koma funso lasintha tsopano. Ntchito yonse ichitika, ndalama za makasitomala zonse zilowa, ndipo chofunika ndi kugula maola 10 motchipa. Muyenera kuona kuti ntchito iliyonse ikapita kunja imawonjezera ndalama zingati pa ola limene yamasula.

Tinene kuti mnzanuyo amatchaja R180 pa jekete ndi ulusi wake. Inu mwapulumutsa R45 ya ulusi ndi pepala, choncho chowonjezera ndi R135, ndipo mwamasula ola limodzi. Pa kapusi amatchaja R25, inu mwapulumutsa R10, chowonjezera ndi R15. Makapusi 6 amamasula ola, ndiye ola limenelo mwaligula R90. Gofu amatchaja R40, kuchotsa R10 kutsala R30, kuchulukitsa ndi 5 ndi R150 pa ola. Maovolosi a eni ake simungawatumize kwina, akawonongeka mlandu ndi wanu.

Otchipa ndi makapusi. Tumizani onse 48, mwamasula maola 8 pa R720. Maola 2 otsala tumizani majekete 2 pa R270. Mwalipira R990, pamene kutumiza majekete 10 kukanadya R1,350. Ntchito zonse zinayi zikachitika zimasiya R12,880, kuchotsa R990 kutsala R11,890. Ovataimu ya R70 pa ola ikanatchipa kuposa pamenepa, ngati wopeta wanu ali nazo mphamvu. Ineyo sindikonda ovataimu ya masabata otsatizana pa ntchito yopeta, chifukwa munthu wotopa amaika felemu mokhota, ndipo jekete imodzi yowonongeka ndi R390 yapita pamodzi ndi ola lake.

Pamene manambala amanama

Njirayi imalimba malinga ndi mphindi zimene mwalemba, ndipo mphindi ndi zimene anthu amangoganizira. Musatenge liwiro lolembedwa pa makina. Sabata imodzi ikani kope pambali pake, wopeta azilemba nthawi imene oda yayamba ndi imene yatha, pamodzi ndi kuduka kwa ulusi ndi kusintha bobini. Gawani ndi zovala zimene zatuluka zabwinobwino.

Kapusi ndi imene imavumbula zambiri. Mphindi 10 zija ndi zoona pa oda ya makapusi 24 a chizindikiro chimodzi. Koma kuti mupete kapusi mumachotsa zogwirira zafulati n'kumanga chogwirira chake chozungulira, mumasintha ulusi, mumayesa kaye. Tinene kuti zimenezi zimadya mphindi 15. Munthu akafuna makapusi 3 okha, iliyonse yasenza mphindi 5 zowonjezera, yafika 15, ndipo chotsala pa ola chagwa kuchoka R210 kufika R140. Jekete yaipitirira. Kapusi ndi jekete zinasiyana ndi R10 yokha kuyambira pachiyambi, choncho musalimbane ndi kasitomala chifukwa cha mpata wochepa chonchi. Kumene kuli ndalama ndi pakati pa R360 ndi R200. Makapusi asonkhanitseni apetedwe tsiku limodzi, ndipo oda yaing'ono ikhale ndi mtengo wake wapadera.

China ndi maoda omangana. Kampani ya alonda ikati ikufuna jekete imodzi ndi malaya a gofu awiri pa mlonda aliyense, simungatenge malaya n'kukana jekete. Werengani mtolo wonse ngati chinthu chimodzi: R200 ndi R120 ndi R320, mphindi 60 ndi 24 ndi 84, zomwe zikupereka pafupifupi R229 pa ola. Mtolo umenewu ulowe pamzere pa malo ake, pamwamba pa kapusi. Chimodzimodzi ntchito imene munalonjeza kale n'kulandira dipoziti. Maola ake achotseni poyamba, musanje otsalawo. Ndipo kasitomala wa majekete amene amakupatsani ntchito mu Meyi ndi Juni, pamene kwazizira ndipo shopu ili zii, si woti muzimubweza mu Januwale chifukwa cha R10 pa ola. Muuzeni tsiku lenileni limene alandire.

Muonetsetsenso kuti chosowa ndi makinadi. Chizindikiro chake n'chosabisika: zovala zimaunjikana pambali pake, ndipo wodula ulusi ndi wosita amakhala akudikira. Mukaona makina ataima pamene wopeta akulimbana ndi felemu, chosowa ndi manja. Gulani felemu yachiwiri kuti chovala china chizikhala chomangidwa kale pamene china chikupetedwa. Pa dzina, pamene mphindi 2 mwa 5 ndi zosintha chovala, kuchotsapo mphindi imodzi yokha kumakweza R360 kufika R450.

Ngati makina akuima chifukwa mulibe ndalama zokagulira zovala zosapeta, chosowa ndi mpamba, ndipo muyenera kugawa chotsala ndi ndalama zolowa. Pa randi iliyonse imene mwalowetsa, dzina limabweza R3, jekete masenti 44, kapusi 41, gofu pafupifupi 38. Gofu yagweranso kumchira. Shopu yomweyo ikhoza kusowa mpamba kumayambiriro kwa mwezi n'kusowa maola kumapeto kwake, ndipo mzere umasintha nazo.

Zikasowa ziwiri nthawi imodzi, maola ndi mpamba, mzere umodzi sukwananso, chifukwa chimene chili pamwamba uku chikhoza kukhala pansi uko. Pamenepo pamafunika Solver ya mu Excel, imene mumaipatsa malire onse awiri n'kukupezerani chiwerengero cha ntchito iliyonse. Ndipo m'miyezi imene maoda onse sakwana maola 40, kusanja kulibe ntchito. Ola la makina silikulanda malo a china chilichonse, choncho maepuloni a R180 pa ola amene munawakana mu Januwale mukhoza kuwalandira, bola mtengo wake ukuposa zolowa.